Odi Patapita Zaka: Kulembera Kalata Mnzako wa Kusukulu

Pepala lija linakhala patebulo panga masiku atatu lili ndi liwu limodzi lokha: "Wokondedwa". Sikuti nkhani ndinalibe ayi. Munthu amene ndinkafuna kumulembera ndinakhala naye desiki imodzi zaka zinayi, kuyambira Folomu 1 mpaka pamene tinalemba mayeso a MSCE mu 1998, pasukulu ina yogonera komweko m'chigawo chapakati. Tinkadyera m'mbale imodzi nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, tinkabwerekana ndowa, ndipo sopo wa mmodzi akatha, wa mnzake ankadulidwa pakati ndi ulusi. Koma pamene ndinkagwira cholembera, mu Epulo 2023, panali patadutsa zaka pafupifupi 25 tisanamvane mawu. Chimene chinandiimitsa chinali liwu lachiwiri. Ndimutchule kuti yani?

Tonse amene tinadutsa m'kalasi ya Chichewa tikukumbukira zigawo za kalata yamchezo: keyala ya wolemba, tsiku, malonje, chiyambi, thunthu ndi mathero. Pamayeso malonje anali kanthu kakang'ono, mawu awiri ndi mpatuliro, ndipo malikisi ambiri ankakhala pa thunthu. Kalata yopita kwa mnzako amene munatayana kalekale imayenda mosiyana ndi zimenezo. Ntchito yaikulu ili kumayambiriro, chifukwa amene ukumulemberayo unamudziwa ali mwana wasukulu, pamene amene adzatsegule envulopuyo ndi munthu wamkulu yemwe moyo wake sukuudziwa. Mizere isanu yoyambirira ndi imene imamuuza ngati wabwera ndi mtendere, ngati ukumulemekeza, komanso ngati ukumukumbukiradi iyeyo.

Kwathu kuno mlendo sayamba ndi chimene wabwerera. Amaodira kaye, amamulandira katundu, amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando, kenako eni khomo amabwera mmodzimmodzi kudzamupatsa moni ndi kumufunsa kumene wachokera kuti wawasiya bwanji. Akapuma m'pamene amafotokoza za ulendo wake. Amene wangofika n'kuyamba nkhani ali chiimire timadziwa kuti wabwera ndi uthenga wa maliro kapena mlandu. Kalata yochokera kwa munthu amene anasowa zaka makumi awiri imafika ngati mlendo wa usiku, ndipo mtima wa wolandira umayamba wagunda: kwagwanji? Malonje abwino amayankha funso limeneli asanalifunse.

Tiyambe ndi dzina. Mnzako wa kusukulu amakhala ndi mayina atatu kapena anayi pofika lero. Pali dzina la m'kaundula lija aphunzitsi ankaitana m'mawa. Pali dzina lachipongwe la kuhositelo. Pali dzina la pabanja ngati ndi mayi amene anatenga la mwamuna wake, kapena lija la "mayi a uje", "bambo a uje". Ena ali ndi la udindo: abusa, ahedi, anduna a mfumu, adokotala. Ndiye palinso mfunda, womwe nthawi zambiri ndi umene umapulumutsa wolemba. Kunena kuti "Wokondedwa Nabanda" kapena "Wokondedwa Naphiri", kaya "Nambewe", "Nankhoma", "Najere", kumapereka ulemu popanda kumukankhira munthuyo patali, ndipo mfunda susintha ngakhale ukwati utatha. Kwa amuna, "achimwene" kapena "a Phiri" amagwira ntchito yomweyo. Dzina lachipongwe ndi lokoma kwambiri kwa anthu awiri amene ankaligwiritsa ntchito, koma lisakhale pamzere woyamba. Mayina ambiri a kuhositelo ankachokera pa chilema, pa umphawi kapena pa tsiku lina lochititsa manyazi, ndipo mwini wake mwina ankangolipirira chifukwa analibe pothawira. Ngati sukutsimikiza kuti ankalikonda, lisiye. Akafuna adzalitulutsa yekha poyankha.

Ine dzina la pabanja la mnzangayo ndinali nditalimva, koma sindinkadziwa ngati banjalo lilipobe. Choncho ndinalemba dzina lake loyamba, limene tinkamuitana m'kalasi, n'kuwonjezera kuti "mnzanga wa padesiki". Pa envulopu pokha ndi pamene ndinalemba dzina limene amadziwika nalo kuntchito, kuti kalata imupeze.

Kenako pamabwera iwe ndi inu. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, ndipo amaphonya mbali zonse ziwiri. Ukalemba "inu" kalata yonse kwa munthu amene munkafunda bulangete limodzi mu Juni, iye amamva ngati wamuikira mpanda. Amaona ngati ukumulembera monga mlembi wa komiti ya chitukuko. Ukangoti "iwe" osapempha, kwa mayi amene tsopano ali ndi zidzukulu kapena bambo amene mpingo wonse umamugwadira, ena amamva kupepulidwa, makamaka ngati kalatayo aiwerenga ana ake. Njira imene ndaiona ikuyenda ndi yoti uyambe ndi limodzi mwa awiriwa, koma unene poyera chifukwa chake. Ngati munali pachinzake cha ponda apa nane ndipondepo, lemba "iwe" ndipo upemphe chilolezo m'chiganizo chimodzi. Ngati munkangodziwana m'kalasi, kapena mnzakoyo anali patsogolo pako ndi kalasi imodzi kapena awiri, yamba ndi "inu" n'kumusiyira mwini wake kuti atsitse yekha. Mwamuna akamalembera mkazi, kapena mkazi akamalembera mwamuna, "inu" ndiye woyenera, ndipo moni upite kwa a pakhomo onse kumayambiriro komweko. Kalata yotere ilembedwe moti mwamuna kapena mkazi wa mnzakoyo atha kuiwerenga mokweza pakhonde popanda wina kugwetsa nkhope.

Chachitatu ndi chimene chimandikhudza kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mwambo wathu umati ufunse za anthu a mnzako mmodzimmodzi: mayi ali bwanji, bambo ali bwanji, nanga mlongo wako uja? Pakati pa anthu oonana mwezi ndi mwezi mafunso amenewa ndi ulemu. Patapita zaka 25 akhoza kukhala minga. Ife a msinkhu wanga tinamaliza sukulu pa nthawi imene Edzi inkatenga anthu mudzi ndi mudzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Tadutsa m'njala ya 2002, tadutsa mu Covid-19. Palibe khomo limene lili monga unalisiyira. Ukalemba kuti "Undiperekere moni kwa mayi", pamene mayiwo anagona zaka khumi zapitazo, ndiye kuti wamupatsa mnzako ntchito yolengeza maliro m'kalata yake yoyamba, ndiponso wamukumbutsa kuti pamaliropo iwe panalibe.

Sikuti usawatchule anthuwo. Uwatchule ndi chikumbutso m'malo mwa funso. Ukati, "Ndimawakumbukira mayi ako ndi chigumu chimene ankatibweretsera atachikulunga m'masamba a nthochi," chiganizocho n'choona kaya mayiwo ali moyo kaya anatisiya. Ngati alipo, mnzako akawauza ndipo akaseka. Ngati kulibe, wamupatsa mphatso yoti mayi ake akukumbukiridwa kwina. Kenako uike funso lotakasuka: "Undiuze za kumudzi ndi za pakhomo pako, monga mmene ungafunire." Chimodzimodzi ndi nkhani ya ana ndi banja. "Ana alipo angati tsopano?" ndi funso limene timaliponya mosaganiza, koma kwa munthu amene sanaone mphatso ya mwana, kapena anaika mwana m'manda, kapena ukwati unamuthera mowawa, ndi bala. "Onse a pakhomo pako" amakwanira aliyense, ngakhale amene akukhala yekha ndi mwana wa mchemwali wake.

Chimene chinandidzutsa ine kuti ndilembe chinali namondwe wa Freddy, amene anasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023. Ndinamva kwa mnzathu wina kuti mnzanga uja ankaphunzitsa pasukulu ina yapulayimale m'boma la Phalombe, limodzi mwa maboma amene madzi ndi matope zinawononga kwambiri. Wondiuzayo anatsimikiza kuti iye ali moyo, koma za nyumba ndi abale sankadziwa. Nayi kalata imene inatuluka pa tsiku lachinayi, nditachotsamo mayina:

"Wokondedwa mnzanga wa padesiki,

Odi kumeneko. Ndine mnzako uja munkakhala naye kutsogolo pafupi ndi windo, kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4. Landira moni wanga, iwe pamodzi ndi onse a pakhomo pako. Uli bwanji? Kuno ku Lilongwe tilipo, Mulungu akutisunga. Usadzidzimuke poona kalatayi, ndabwera ndi mtendere.

Undilole ndikutchule kuti iwe monga kale. Ndikudziwa kuti tsopano ndiwe mayi waulemu wako, koma pakamwa panga pakukana kukutchula mwanjira ina.

Papita zaka zambiri ndili chete, ndipo undikhululukire. Keyala imene unandilembera kumapeto kwa kope la Bayoloje ndinaisunga, koma sindinalembe pa nthawi yake. Pamene ndinamva za madzi amene anadutsa kwanuko mwezi wathawu, dzina lako ndi limene linayamba kubwera mumtima mwanga. Ndamva kuti uli moyo ndipo ndathokoza Mulungu. Za zina sindinamve, ndipo ngati pali chimene chinakugwera, pepa kwambiri.

Kodi ukukumbukira usiku uja magetsi anazima tili ku pulepu, kutatsala sabata imodzi kuti tilembe JCE? Unayatsa kakandulo kako komaliza n'kukaika pakati pa desiki, ndipo unandifotokozera masamu a mabulaketi mpaka kanatha. Ndinakhoza pepala limenelo chifukwa cha iwe, ndipo sindinakuthokozepo. Ndikukuthokoza lero. Ndimawakumbukiranso mayi ako ndi chigumu chawo cha m'masamba a nthochi.

Za ine n'zochepa. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina kuno ku Lilongwe. Bambo anga anatisiya mu 2009, mayi alipo koma miyendo ikuwavuta. Imvi zayamba, ndipo kuwerenga n'kwa magalasi.

Ukapeza mpata undiuze za moyo wako, monga mmene ungafunire. Nambala yanga ndalemba pansipa. Ukangoliza kamodzi ndidzaimba ndine. Ngati pakali pano zinthu zakuchulukira, usadzipanikize. Ndangofuna udziwe kuti sunaiwalike.

Ndatha ine mnzako,"

Pansi pake ndinasaina dzina langa la kusukulu, la kwa bambo anga, chifukwa la pabanja langa sakanalizindikira. Ichi n'chaching'ono koma ambiri amachiiwala, makamaka amayi.

Taonani kukula kwa kupepesa: chiganizo chimodzi ndi theka. Poyamba ndinali nditalemba ndime yathunthu yofotokoza za koleji, kusamukasamuka, ana kudwala, foni kubedwa. Nditaiwerenganso ndinaona kuti ndimeyo inkanena za ine ndekha, ndipo inkakhala ngati ndikudziteteza pabwalo la mfumu. Komanso zifukwa zotayana anthu a nthawi yathu timazidziwa tonse. Tinkapatsana keyala ya kuntchito kwa makolo kapena ya sukulu yapulayimale ya kumudzi. Makolo akasamutsidwa kapena kupuma pantchito, keyalayo inkafa. Mafoni a m'manja anafala tabalalika kale. Choipitsitsa ndi kuloza chala mnzako, ngakhale mwanthabwala. Mawu oti "Koma iwe unanditaya" kapena "Mwasowatu, mwalemera eti?" pamsika amatuluka ndi kuseka ndi kumenyana m'manja. Papepala kuseka sikumveka, pamangotsala mlandu.

Chikumbutso nacho chikhale chimodzi, koma chenicheni. Kulemba kuti "tinkasangalala kwambiri masiku amenewo" kulibe fungo, munthu aliyense angalembere mnzake aliyense. Kakandulo kaja n'ka anthu awiri okha. Kamagwiranso ntchito ina masiku ano pamene akamberembere amatumiza mauthenga pafoni akudzitcha abale kapena anzako akale: kamatsimikizira wolandira kuti wolembayo ndiwedi. Posankha, tenga nkhani imene mnzakoyo akuonekamo bwino, pamene anakuthandiza, anagoletsa chigoli, anaimba bwino kukwaya. Usatenge ya tsiku limene anabwezedwa chifukwa cha fizi, kapena ya chibwenzi chake cha Folomu 3.

Ponena za iwe mwini, dziwa kuti m'kalasi imodzi mumatuluka anthu osiyana. Wina anasankhidwa kupita ku Chancellor College, wina anabwerera kumudzi kukagwira khasu, wina ali ku Joni akugwira maganyu, wina ankakhoza kuposa nonse koma fizi inamuthera panjira. Kalata yodzaza ndi madigiri, galimoto, mpanda wa njerwa ndi mwana amene ali kunja imamusiya mnzako wopanda choyankha. Nena kumene uli, chimene umachita, ndi kanthu kamodzi kosonyeza kuti nawenso moyo wakupunthapo. Ndinatchula imfa ya bambo anga mwadala. Amene wayamba kuulula chisoni chake amamutsegulira mnzake khomo loti aulule chake popanda kufunsidwa.

Ndipo m'kalata yoyamba musakhale pempho. Tinene zoona, ambiri a ife tikalandira moni kuchokera kwa munthu amene anasowa kalekale, timawerenga tikudikira liwu loti "ndiyetu". Ndiyetu mwana wanga akufuna ntchito, ndiyetu fizi yavuta, ndiyetu ndayamba bizinesi ina yabwino. Kuthandizana si kolakwa, tonse timakhalira komweko. Koma pempho likalowa m'kalata yoyamba, moni yense uja amasanduka nyambo, ndipo ngakhale kakandulo kaja kamaoneka ngati kanayatsidwira kupempha. Ngati vuto lako n'lachangu ndipo ufunadi thandizo, ndi bwino kunena mosabisa kumayambiriro kuti walemba chifukwa cha vuto. Imeneyo ndi kalata ina. Ya chikondi ikhale ya chikondi basi. Ngakhale thandizo lochokera kwa iwe liyambe ladikira. Ine ndinkafunitsitsa kufunsa ngati akusowa ufa kapena zofunda, koma ndinaona kuti kutero pamzere woyamba patapita zaka 25 kukanamuika pa mlingo wa wolandira chithandizo asanakhalenso mnzanga. N'chifukwa chake ndinangoti akaliza ndidzaimba ndine, kuti mayunitsi asakhale chopinga.

Kutalika kwake kusapitirire tsamba limodzi ndi theka la pepala la m'kope. Zotsalazo zidikire yankho.

Katumizidwe kali ndi njira zingapo. Positi ofesi ikadalipo, ndipo kumidzi makalata ambiri amadzera pa bokosi la sukulu, la mpingo kapena la chipatala, ndiye amadutsa m'manja ambiri asanafike. Envulopu imatidwe bwino, dzina likhale limene anthu akumeneko amamudziwa nalo, ndipo kumbuyo kukhale dzina ndi keyala yako. Njira ina ndi kupatsira munthu wodalirika wopita komweko. Ngati nambala ya mnzakoyo uli nayo, utha kulemba pamanja, n'kujambula pepalalo ndi foni, n'kutumiza pa WhatsApp. Zilembo za dzanja lako amazizindikira munthu amene ankakopera notsi m'kope lako, ndipo zimamufika pamtima kuposa zotayipa. Chimene sindilimbikitsa ndi kakuti "Bho?" kapena "Mukundidziwa?" kochokera pa nambala yachilendo, kapenanso kumulonjera koyamba pagulu la WhatsApp la kalasi yonse, pamene anthu makumi asanu akuonerera. Yanga ndinapatsira mphunzitsi wina amene ankabwerera ku Phalombe, chifukwa nthawi imeneyo misewu ndi milatho ina inali isanakonzedwe.

Yankho limakuuza ngati malonje anagwira. Ukalemba "iwe" iye n'kuyankha "inu" ndi mizere iwiri yoti "Zikomo, tili bwino, kaya inu," ndiye kuti khomo walitsegula pang'ono chabe. Bwerera ku "inu" ndipo uyende pang'onopang'ono. Akafunsa kuti "Ndikuthandizeni chiyani?" ndiye kuti akudikirabe pempho lija, ndipo yankho lake n'lakuti palibe, unangomusowa. Akakhala chete usafulumire kuganiza kuti wakukana. Kalata mwina ili m'kabati ya ahedi, mwina iye akusowa poyambira monga unkasowera iwe. Dikira mwezi wathunthu kapena iwiri, kenako tumiza moni wamfupi kamodzi, pa Khirisimasi, pa Idi kapena pa chaka chatsopano, osafunsa chifukwa chimene sanayankhire. Akapanda kuyankhanso, musiye mwaulemu. Kwa ena zaka za kusukulu zinali zowawa, za kutizidwa ndi njala ndi manyazi, ndipo ali ndi ufulu wosazitsegulanso.

Ine ndinadikira masabata asanu ndi awiri. Loweruka lina m'mawa ndikuchapa, foni inalira kamodzi n'kuduka. Nambala yachilendo. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuimba. Mawu a mayi wamkulu, okhuthala kuposa amene ndinkawadziwa, anayankha ndi dzina langa lachipongwe la kuhositelo, limene palibe ananditchulapo chichokereni 1998. Tinaseka, kenako tonse tinakhala chete kanthawi.

Anandiuza kuti khoma limodzi la nyumba yake linagwa ndipo chimanga cha m'munda chinapita ndi madzi, koma ana amene amawalera onse anapulumuka. Anati mayi ake anamwalira mu 2016, ndipo pamene anafika pa mzere wa chigumu uja anaika kalata pansi n'kutuluka panja. Madzulo ake anaiwerengera mng'ono wake. Kenako anandikonza: kandulo ija sinali yake, anaibwereka kwa mtsikana wa m'Folomu 4 ndipo anaibweza ndi chiponde cha supuni zitatu. Tinacheza mpaka mayunitsi anga anatha, ndipo ndinathamangira pa okala kukagula ena, zovala zili chinyikire m'beseni.